Gulu la alimi lisanasayine ngongole: mafunso ndi mayankho pa chiwongoladzanja, chikole ndi kulephera kubweza

Mafunso awa ndi omwe amafunsidwa kawirikawiri komiti kapena mlangizi akamafotokozera alimi zomwe zalembedwa mu mgwirizano wa ngongole. Kuti masamu asasokoneze, mayankho onse akutsata chitsanzo chimodzi: gulu la alimi 20 likukongola ndalama zokwana 1,200,000 kwa miyezi 6, pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi. Manambalawa ndi ophunzirira chabe. Inu muikepo a pa pepala lanu.

1. Tiyambe ndi chiyani pofotokozera gulu za mgwirizanowu?

Musayambe ndi peresenti. Yambani ndi manambala atatu: ndalama yomwe ifike m'manja mwa gulu, ndalama yonse yomwe gulu lidzabweze, ndi masiku obwezera. Munthu aliyense amamva mukamuuza kuti "mulandira zakuti, mudzabweza zakuti, pa tsiku lakuti." Mukamuuza kuti "3 peresenti" amagwedeza mutu, koma aliyense amapita kwawo ali ndi nambala yakeyake mumtima.

Kenako gawani manambalawo pa munthu mmodzi. M'chitsanzo chathu membala aliyense akusenza 60,000. Pemphani wokongoza akupatseni pepala la ndondomeko yobwezera musanasayine, loonetsa tsiku lililonse lobweza, gawo la mpamba ndi gawo la chiwongoladzanja. Pepalalo ndi lomwe muwerenge pamsonkhano, mzere ndi mzere.

2. Akati 3 peresenti pa mwezi, ndiye kuti tidzalipira zingati?

Peresenti yokha siyankha funsoli. Muyenera kudziwa zinthu ziwiri: peresentiyo ndi ya nthawi yotalika bwanji, ndipo akuiwerengera pa ndalama iti.

Tanthauzo la 3 peresenti ndi 3 pa 100 iliyonse. Pa 1,200,000 ndiye kuti 36,000. Ikakhala ya pa mwezi, 36,000 imeneyo ndi ya mwezi umodzi wokha, ndipo pa chaka imakwana 36 peresenti. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsika poyerekeza okongoza awiri. Wina akunena 3, wina akunena 30, ndiye gulu limathamangira kwa wa 3, osadziwa kuti wa 30 akunena za chaka chathunthu, zomwe ndi 2.5 peresenti pa mwezi. Musanayerekeze, manambala onse awiri muwabweretse pa mwezi kapena pa chaka.

Peresenti ikakhala ya pa chaka ndipo ngongole ndi ya masiku owerengeka, masamu ake ndi awa: mpamba kuchulukitsa ndi peresenti, kuchulukitsa ndi masiku, kugawa ndi masiku a chaka. Okongoza ena amati chaka ndi masiku 365, ena 360. Pa 36 peresenti kwa masiku 180, wa 365 adzafuna 213,041 pomwe wa 360 adzafuna 216,000. Kusiyanaku n'kochepa, koma kumafotokoza chifukwa chake masamu a msungichuma nthawi zina sagwirizana ndi a wokongoza.

3. Kodi kuwerengera pa ndalama yoyamba ndi kuwerengera pa ndalama yotsala kumasiyana bwanji?

Funso ili likufunika nthawi yokwanira pamsonkhano, chifukwa ndalama zambiri zimabisala pamenepa. Tiyerekeze kuti gulu likubweza mwezi ndi mwezi.

Njira yoyamba, wokongoza amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse yomwe munakongola, mwezi uliwonse, ngakhale mwabweza kale gawo lina. Ndiye 36,000 kuchulukitsa ndi miyezi 6 ndi 216,000. Zonse pamodzi 1,416,000, ndipo mwezi uliwonse mukupereka 236,000.

Njira yachiwiri, amawerengera pa mpamba womwe watsala. Gulu likamabweza mpamba wa 200,000 mwezi uliwonse, zimayenda motere. Mwezi woyamba muli ndi 1,200,000, chiwongoladzanja 36,000. Wachiwiri mwatsala ndi 1,000,000, chiwongoladzanja 30,000. Wachitatu 800,000, chiwongoladzanja 24,000. Chimapitiriza kutsika, 18,000, kenako 12,000, ndipo mwezi womaliza 6,000. Chiwongoladzanja chonse ndi 126,000, zonse pamodzi 1,326,000.

Onse awiri akuti 3 peresenti, koma akusiyana ndi 90,000. Chifukwa chake n'choti pa njira yoyamba, mwezi womaliza mukulipirira 1,200,000 pomwe m'manja mwanu mwatsala 200,000 yokha ya wokongoza. Kunena mwachidule, 3 peresenti ya njira yoyamba ikufanana ndi pafupifupi 5 peresenti ya njira yachiwiri.

Kuti anthu aone ndi maso, ikani miyala 6 pansi, uliwonse kuimira 200,000, ndipo nenani kuti mwala uliwonse umalipiridwa 6,000 pa mwezi. Munthu mmodzi azichotsa mwala umodzi mwezi ukatha, gulu liziwerenga yotsala: 6, 5, 4, 3, 2, 1. Ikwana 21, ndipo 21 kuchulukitsa ndi 6,000 ndi 126,000. Kenako bwezeretsani miyala yonse, muwerengenso osachotsa ngakhale umodzi: 6 kasanu n'kamodzi, ikwana 36, yomwe ndi 216,000. Munthu amene sadziwa kuwerenga zilembo amaimva bwinobwino nkhaniyi akaona miyalayo.

4. Tingadziwe bwanji njira yomwe wokongoza wathu akugwiritsa ntchito?

Yang'anani pa ndondomeko yobwezera, pa mzere wa chiwongoladzanja. Nambala ikakhala imodzimodzi mwezi uliwonse pomwe mpamba ukutsika, akuwerengera pa ndalama yoyamba. Ikamatsika, akuwerengera pa yotsala.

Musaweruze poona ndalama yonse ya pa mwezi. Okongoza ambiri owerengera pa yotsala amakonza kuti muzipereka ndalama yofanana mwezi uliwonse, kungoti mkati mwake gawo la chiwongoladzanja limachepa pomwe la mpamba limakula. Choncho muyenera kuona magawo awiriwo padera. Pepala likangoonetsa nambala imodzi, onkhetsani zonse zomwe mudzapereke, chotsani mpamba, ndipo chotsalacho muchiyerekeze ndi masamu a njira ziwiri za pa funso 3.

5. Ife tidzabweza kamodzi tikakolola. Zimenezi zikutikhudza?

Mukamabweza zonse kamodzi kumapeto, njira ziwiri zija zimapereka yankho limodzi, chifukwa mpamba sutsika mpaka tsiku lomaliza. Chiwongoladzanja ndi 216,000, ndipo membala aliyense adzabweza 70,800 pa 60,000 yake.

Choti muyang'anitsitse apa n'china: kodi chiwongoladzanja cha mwezi uno, poti simunachilipire, akuchiphatikiza ku mpamba kuti nachonso chibereke? Akatero, mwezi wachiwiri amawerengera pa 1,236,000 osati pa 1,200,000, ndipo chimakhala 37,080. Pakutha miyezi 6 chimakwana pafupifupi 232,863, kuposa chija ndi 16,863. Pa miyezi 6 kusiyanaku sikuopsa kwambiri. Kumaopsa ngongole ikachedwa n'kupitirira chaka, chifukwa chimakula mothamanga mwezi ndi mwezi.

Mawu akuti wokongoza wakupatsani "nthawi yopumira" amasokonezanso. Nthawi zambiri amatanthauza kuti simukupereka kanthu miyezi imeneyo, koma chiwongoladzanja chikuwerengedwabe. Funsani mwachindunji: m'miyezi yopumirayo chikuwerengedwa kapena ayi, ndipo chikuyamba tsiku losayina kapena tsiku lomwe ndalama kapena zipangizo zafika? Ngati zipangizo zachedwa mwezi wathunthu pomwe kuwerengera kunayamba tsiku losayina, gulu lalipira 36,000 pa chinthu chomwe linalibe.

Tsiku lobwezera nalonso likhale la nthawi yomwe mwagulitsa n'kulandira ndalama, osati yomwe mwakolola. Pakati pake pali kuyanika, kusankha, kunyamula ndi kudikira wogula kuti alipire. Tsiku likakhala pafupi kwambiri ndi kukolola, gulu limakakamizika kugulitsa nthawi yomwe aliyense akugulitsa ndipo mitengo ili pansi.

6. N'chifukwa chiyani ndalama yomwe talandira ndi yochepa kuposa yomwe tasayinira?

Chifukwa okongoza ambiri amadula zina asanapereke. Tiyerekeze kuti mgwirizano ukuti 4 peresenti ndi yokonzera ngongole, 1 peresenti ndi ya inshulansi, ndipo 10 peresenti ikhale m'buku la gulu ngati chikole mpaka mutamaliza kubweza. Ndiye kuti 48,000, 12,000 ndi 120,000. M'manja mwa gulu mwafika 1,020,000, membala aliyense 51,000, koma chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa 1,200,000.

Mtengo weniweni wa ngongoleyi muupeze motere, potengera kubweza kamodzi kwa pa funso 5. Onkhetsani zonse zomwe sizidzabwerera kwa inu: 216,000 ndi 48,000 ndi 12,000, zomwe ndi 276,000. Gawani ndi ndalama yomwe mwagwiritsadi ntchito, 1,020,000. Mupeza 27 peresenti pa miyezi 6, pomwe pepala limaoneka ngati likunena 18. Nambala imeneyi ndi yomwe muyerekeze ndi phindu lomwe mukuyembekezera kumunda, komanso ndi ya wokongoza wina.

Pa inshulansi, musangolipira. Funsani kuti imateteza chiyani. Nthawi zambiri ya pa ngongole imagwira ntchito wokongola akamwalira kapena akalumala kotheratu, ndipo siikhudza chilala, kusefukira kwa madzi kapena tizilombo. Inshulansi ya mbewu ndi ina, ili ndi malamulo akeake ndi nthawi yake yokanenera.

7. Kodi chiwongoladzanja chingasinthe tili mkati mwa ngongole?

Chingasinthe ngati mgwirizano walola. Pali chokhazikika, chomwe sichisuntha mpaka kumapeto, ndipo pali chomwe chimatsata mlingo wina, monga womwe banki imalengeza. Mlingowo ukakwera, chanunso chimakwera. M'chitsanzo chobweza kamodzi, chikakwera kufika 4 peresenti kuyambira mwezi wachinayi, miyezi itatu ndi ya 36,000 ndipo itatu inayo ndi ya 48,000. Zonse 252,000 m'malo mwa 216,000.

Ndime yoti muikane, kapena mupemphe kuti ikonzedwe, ndi yomwe imati wokongoza angasinthe nthawi iliyonse mmene wafunira, osatchula mlingo womwe akutsata ndiponso osakudziwitsani.

8. Chikole n'chiyani kwenikweni? Kodi katunduyo amakhala wa wokongoza?

Ayi. Katundu wa chikole amakhalabe wa mwini wake. Chomwe mwapereka ndi ufulu woti wokongoza adzamugulitse n'kutengapo ndalama zake ngati simubweza. Pali chikole chomwe chimachoka m'manja mwanu, monga zokolola zosungidwa m'nkhokwe yomwe wokongoza ali ndi ulamuliro pa chiphaso chake, kapena ndalama zotsekeredwa m'buku. Pali china chomwe chimakhalabe kwa inu n'kumagwira ntchito, monga pampu yothirira, ngolo kapena ziweto.

Chikole chotsala kwa inuchi chimabwera ndi malamulo omwe anthu sachedwa kuiwala. Simungachigulitse, kuchipereka kwa wina, kapena kuchiikanso chikole kwina popanda chilolezo cholembedwa. Membala akagulitsa ng'ombe yomwe ili pa mndandanda wa chikole, ngakhale ndi cholinga chabwino, mgwirizano waphwanyidwa kale ngakhale gulu silinaphonye tsiku lobweza (onani funso 11).

Katundu aliyense alembedwe momveka: mtundu, nambala ya makina, chizindikiro cha chiweto, mwini wake, ndi mtengo womwe mwagwirizana. Chenjerani ndi mawu otambalala ngati "katundu yense wa gulu ndi wa mamembala, wa tsopano ndi wam'tsogolo." Mawu amenewa amakokera mu ngongole zinthu zomwe palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza kuti akuzipereka. Chenjeraninso ndi ndime yoti chikolechi chikuimira "ngongole zonse" zomwe muli nazo kwa wokongozayo, chifukwa ikatero mutha kumaliza ngongole iyi koma katundu osamasulidwa kaamba ka ina.

Katundu wa banja asaikidwe chikole mwamuna kapena mkazi wa membalayo asakudziwa. Nkhani ya malo ndi yolemera kuposa zonsezi. Malamulo oikira malo chikole amasiyana dziko ndi dziko komanso malinga ndi mtundu wa umwini, ndipo ife sitilimbikitsa kuika munda chikole pa ngongole ya nyengo imodzi, chifukwa chaka chimodzi choipa chingachotse chinthu chomwe banja limadalira moyo wonse.

9. N'chifukwa chiyani akufuna chikole cha mtengo woposa ngongole?

Chifukwa wokongoza sawerengera mtengo womwe munagulira. Amaganizira womwe angapeze akamagulitsa mwachangu, katundu atagwira kale ntchito, ogula akudziwa kuti ndi wolandidwa. Amachotsaponso zonyamulira, zosungira ndi zolipira ogulitsa. Pampu ndi zipangizo zomwe gulu likuti ndi za 1,000,000 iye angaziwerengere 600,000 kapena kucheperapo. Funso 13 likuonetsa mmene kusiyanaku kumapwetekera.

10. Ine ndikabweza gawo langa, ndamasuka?

Pa ngongole zambiri za magulu, ayi, ndipo mfundoyi iyenera kunenedwa poyera aliyense akumva asanasayine. Ndime yake imati mamembala ali ndi udindo onse pamodzi komanso aliyense payekha. Tanthauzo lake n'lakuti wokongoza ali ndi ufulu wofuna ndalama yonse yotsala kwa gulu lonse, kwa anthu ochepa, kapena kwa munthu mmodzi yekha. Sakakamizika kuyamba ndi amene walephera. Kawirikawiri amapita kwa yemwe ali ndi katundu wooneka.

Onani masamu ake. Mwa alimi 20, atatu alephera kubweza 70,800 yawo. Paperewera 212,400. Otsala 17 akagawana mofanana, aliyense awonjezera pafupifupi 12,494 pamwamba pa 70,800 yake. Funsani gulu: kodi aliyense pano angakwanitse kuwonjezera ndalama imeneyi? Nanga olephera atakhala asanu ndi mmodzi? Kumbukiraninso kuti alimi a gulu limodzi amalima dera limodzi, nthawi zambiri mbewu imodzi. Mvula ikavuta salephera atatu okha, onse amavutika nthawi imodzi, ndipo kuimirana kumasowa woimira mnzake.

Yang'anani amene walembedwa ngati wokongola. Gulu likakhala lolembetsedwa mwalamulo, monga kopaletivi, ngongole ingakhale ya gululo palokha, ndipo membala amakhudzidwa malinga ndi malamulo a gulu kapena pepala loimira ngongole lomwe wasayina payekha. Likakhala losalembetsedwa, kawirikawiri udindo umagwera omwe asayina, ndipo nthawi zambiri amenewa ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. A komiti afunse ngati akusayina m'malo mwa gulu kapena ngati oimira ngongole ndi katundu wawo. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale malo osayinapo angakhale pa tsamba limodzi.

Gulu likhalenso ndi mgwirizano wake wamkati, wolembedwa ndi kusayinidwa pamaso pa mboni: aliyense watenga zingati, adzabweza liti kwa msungichuma, ndipo amene anzake amulipirira adzawabwezera bwanji. Tsiku la mkati likhale sabata ziwiri tsiku la wokongoza lisanafike, kuti pakhale mpata wotseka dzenje. Membala wotuluka m'gulu samasuka ku ngongole yomwe anasayinira pokhapokha wokongoza atavomera polemba.

11. Kodi "kulephera" ndi kusabweza kokha?

Ayi. Mgwirizano umakhala ndi mndandanda wa zinthu zomwe zimatengedwa ngati kulephera, ndipo kusabweza ndi chimodzi chabe. Kupereka mochedwa kapena moperewera, ngakhale ndi ndalama yochepa, kuli m'gulu lomweli. Zina zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi kugwiritsa ntchito ndalama pa zomwe simunapemphere, kunena zabodza pofunsira ngongole (monga kukula kwa munda kapena mayina a anthu omwe kulibe), kugulitsa kapena kuwononga chikole, kutha kwa gulu, ndi kulephera pa ngongole ina.

Ngongole ikakhala yomangirira ku wogula mmodzi, yemwe amadula ngongole pa zokolola asanakulipireni, kugulitsa kwina kumakhalanso kulephera. Izi zimachitika kwambiri wogula wina akabwera ndi ndalama m'manja pa mtengo wokwererapo. Mamembala ochepa akapatutsa zokolola, zomwe zafika kwa wogula wa mgwirizano siziphimba ngongole ya gulu, ndipo omwe anakhulupirika ndi amene amadulidwa zambiri.

Pa ndime iliyonse funsani zinthu ziwiri: kodi wokongoza ayenera kutilembera kalata yotichenjeza, ndipo tili ndi masiku angati okonza vutolo asanachite kanthu? Ngati mgwirizano uli chete pa zimenezi, pemphani kuti zilembedwe. Onetsetsaninso kuti keyala ndi nambala ya foni zomwe zalembedwa ndi za munthu wopezeka, chifukwa migwirizano yambiri imati kalata ikatumizidwa ku keyalayo ndiye kuti mwailandira.

12. Tikaphonya mwezi umodzi, chimachitika n'chiyani?

Titenge ngongole yobweza mwezi ndi mwezi pa ndalama yotsala ya pa funso 3. Gulu lalipira miyezi iwiri, laphonya wachitatu, womwe unali 224,000 (mpamba 200,000 ndi chiwongoladzanja 24,000). Mpamba wotsala ndi 800,000.

Choyamba ndi chindapusa. Tiyerekeze kuti ndi 5 peresenti pa mwezi. Funso n'lakuti, pa ndalama iti? Pa yomwe yachedwa, 224,000, chindapusa ndi 11,200. Pa mpamba wonse wotsala ndi 40,000. Mawu ochepa a mu ndime imodzi ndi omwe akusiyanitsa manambala awiriwa. Chiwongoladzanja cha nthawi zonse sichiima, chimapitirira pambali pa chindapusacho.

Chachiwiri ndi dongosolo lomwe ndalama yanu imagawidwira ikafika. Migwirizano yambiri imati iyambe yalipira zomwe wokongoza wawononga pokulondolani, kenako chindapusa, kenako chiwongoladzanja, mpamba pomaliza. Tinene kuti gulu lasonkha 224,000 ija n'kukapereka mochedwa, likuganiza kuti latseka. Wokongoza achotsa 15,000 yolondolera, 11,200 ya chindapusa ndi 24,000 ya chiwongoladzanja. Ku mpamba kwapita 173,800, kwaperewera 26,200. M'mabuku a wokongoza gulu likadali lolephera, ndipo chindapusa china chayamba kuwerengedwa, mamembala ali phee kunyumba. Choncho mukamalipira mochedwa, yambani mwafunsa ndalama yonse yofunika kuti mubwerere m'ndondomeko pa tsiku limenelo, ndipo mukalipira pemphani lisiti ndi sitetimenti yoonetsa mmene ndalamayo yagawidwira.

Chachitatu, chomwe chimadzidzimutsa kwambiri, ndi ndime yolola wokongoza kufuna ngongole yonse nthawi imodzi. Mwaphonya 224,000, koma kalata ikubwera yofuna 800,000 yonse ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa, miyezi yotsala ija yafafanizidwa. Ndimeyi ili m'migwirizano yambiri ndipo siichotsedwa wamba. Chomwe mungakambirane ndi nthawi yomwe iyambe kugwira ntchito: pakadutsa masiku angati, ndiponso pambuyo pa kalata yochenjeza. Ngati ngongole yanu ndi yowerengera pa ndalama yoyamba, funsani ngati akafuna yonse adzafunanso chiwongoladzanja cha miyezi yomwe sinafike.

M'mayiko ambiri muli mabungwe osunga mbiri ya okongola. Dzina la gulu kapena la osayina likalembedwa kumeneko ngati olephera, kupeza ngongole kwina kumavuta ngakhale mutamaliza kubweza.

13. Akagulitsa chikole, ngongole yatha?

Yatha pokhapokha ndalama yogulitsayo itakwanira. Tipitirize chitsanzo cha pa funso 12, pomwe chindapusa chili pa mpamba wonse: 800,000 ndi 24,000 ndi 40,000, zonse 864,000. Zipangizo za 1,000,000 zija zagulitsidwa 600,000. Zonyamulira, zosungira ndi za ogulitsa zadya 70,000, kwatsala 530,000. Ngongole yatsala 334,000. Wokongoza atenganso 120,000 ya m'buku ija, kwatsala 214,000. Gulu lataya zipangizo, lataya ndalama zosunga, ndipo likadali ndi ngongole yomwe wokongoza angaifune kwa aliyense malinga ndi funso 10.

Zikatembenuka, katundu n'kugulitsidwa ndalama yoposa ngongole ndi zowonongedwa, yotsalayo ndi ya mwini katundu. Pemphani pepala loonetsa mtengo wogulitsira ndi chilichonse chomwe chachotsedwa.

Kulanda katundu kuli ndi njira yake ya malamulo, yomwe imasiyana malinga ndi dziko ndi mtundu wa chikole. Pena pamafunika chilolezo cha khoti, pena mgwirizano ndi kalata yochenjeza zimakwanira. Anthu akabwera kudzatenga katundu, funsani chikalata chowapatsa mphamvu, yerekezani zomwe akutenga ndi mndandanda wa chikole, lembani zonse pamaso pa mboni, ndipo musalimbane nawo. Madandaulo apite kwa loya, ku ofesi yothandiza anthu pa malamulo, kapena ku bungwe loyang'anira okongoza ndalama. Ngati zaonekeratu kuti katundu apita, n'kwabwino kupempha chilolezo cholembedwa choti mupeze wogula nokha, chifukwa mtengo umakhala wabwinopo ndipo 70,000 ija imapulumuka.

14. Mbewu zikakanika chifukwa cha nyengo, ngongole siikhululukidwa?

Siikhululukidwa yokha. Ndime yonena za ngozi zachilengedwe, ikakhalapo, kawirikawiri siichotsa udindo wobweza ndalama. Chomwe chingatheke ndi kukonzanso ndondomeko yobwezera, ndipo mwayi wake umakhala waukulu mukapita tsiku lobweza lisanafike. Lembani kalata mukangoona kuwonongeka, ikani umboni monga lipoti la mlangizi ndi zithunzi za minda, nenani ndalama yomwe mungapereke panopa ndi tsiku lomwe mungamalize, ndipo pemphani kuti chindapusa chiimitsidwe.

Kutalikitsa nthawi kuli ndi mtengo wake. Miyezi 6 yowonjezera pa 1,200,000 ndi 216,000 ina, ndipo ngati chiwongoladzanja chakale achiphatikiza ku mpamba, awerengera pa 1,416,000, zomwe ndi 42,480 pa mwezi. Chilichonse chomwe mwagwirizana chilembedwe ndi kusayinidwa ndi munthu waudindo. Lonjezo la pakamwa la wogwira ntchito yemwe amabwera kudzatolera ndalama silisintha mgwirizano, ndipo munthuyo akasamutsidwa palibe amene adzalikumbukire.

15. Tikagulitsa msanga, tingabweze nthawi isanakwane?

Werengani ndime yake. Pa ngongole yowerengera pa yotsala kapena pa masiku, kubweza msanga kumachepetsa chiwongoladzanja: m'chitsanzo chobweza kamodzi, kutseka ngongole pa mwezi wachisanu kumapulumutsa 36,000. Pa yowerengera pa ndalama yoyamba, okongoza ena amafunabe 216,000 yonse, ndipo ena amaika chindapusa cha kubweza msanga. Funsani musanasayine, yankho lilembedwe.

Mukamaliza kubweza, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, mubwezeredwe zikalata zonse za chikole ndi 120,000 ya m'buku ija, ndipo ngati chikole chinalembetsedwa m'kaundula wa boma, onetsetsani kuti chafafanizidwamo. Kalatayo, malisiti onse ndi kope la mgwirizano zisungidwe ndi anthu awiri osiyana a m'komiti.